Fizikisi ya Manambala: Mizere Inayi Imene Imasunga Malikisi Anu

WOWULUTSA:  Makalata amene tasankha lero ndi a ophunzira a Folomu 4 amene akukonzekera mayeso a MSCE, ndipo onse akudandaula za mafunso a fizikisi ofuna kuwerengetsa. Tili ndi aphunzitsi a phunziroli. Takulandirani, aphunzitsi.

APHUNZITSI: Zikomo. Ndipemphe ana onse amene akumvera kuti atenge kope ndi cholembera, chifukwa tiwerengetsa limodzi.

WOWULUTSA: Kalata yoyamba ndi ya mtsikana wa ku Namwera. Akuti: "Ndikamayeserera mapepala akale a MANEB, yankho ndimalipeza pa kakyuleta n'kulilemba. Koma aphunzitsi athu amandipatsa malikisi amodzi pa funso la malikisi atatu. Kodi chofunika si yankho?"

APHUNZITSI: Mwana wanga, aphunzitsi akowo akukukonda. Yang'ana kumapeto kwa funso, uona nambala ya malikisi. Akakhala atatu kapena anayi, dziwa kuti wochonga akufuna aone njira imene wadzera. Ukalemba nambala yokha, ikakhala yolakwika wataya zonse. Koma ukaonetsa njira, ngakhale chala chitaphonya batani kumapeto, wochonga ali ndi poyambira kukupatsa malikisi a zimene wakhoza.

Njirayo ili ndi mizere inayi. Mzere woyamba ndi deta, kutanthauza zonse zimene funso lakupatsa, chilichonse ndi chilembo chake ndi yuniti yake, pamodzi ndi chimene akukufunsacho. Wachiwiri ndi fomula, yolembedwa m'zilembo zokha. Wachitatu ndi kulowetsa manambala m'malo mwa zilembozo. Wachinayi ndi yankho ndi yuniti yake.

Titenge funso la mtundu umene umabwera kawirikawiri, koma ndaliika kwathu kuno. Munthu wamira m'madzi ku Chembe mpaka kuya kwa mamita 12. Densiti ya madzi ndi makilogalamu 1000 pa kiyubiki mita, ndipo g ndi manyutoni 10 pa kilogalamu. Peza pulesha imene madziwo akumupanikiza nayo. M'kope mwako muoneke chonchi:

```
h = 12 m,  ρ = 1000 kg/m³,  g = 10 N/kg,  P = ?
P = ρgh
P = 1000 × 10 × 12
P = 120 000 Pa
```

Ukalemba 120 000 yekha popanda Pa, sunamalize. Munthu akabwera kuchokera kudoko n'kukuuza kuti wagula usipa atatu, umufunsa kuti milu itatu kapena ndowa zitatu. Wochonga sangakufunse, angodula.

Uonenso kuti funso lati pulesha ya madzi okha. Likanati pulesha yonse, ukanawonjezera ya mpweya umene ukupanikiza pamwamba pa nyanja, imene ili pafupifupi mapasikali 100 000, yankho n'kukhala 220 000. Ndi pa mzere wa deta pamene umaima n'kudzifunsa kuti akufuna iti.

WOWULUTSA: Mnyamata wa ku Monkey Bay akuti mafomula onse anawaloweza, amatha kuwanena ngakhale atadzutsidwa usiku. Koma funso likabwera sadziwa kuti atenge iti. Achite bwanji?

APHUNZITSI: Vuto lako, mwana wanga, n'lakuti umayamba kusaka fomula usanalembe deta. Deta ndi imene imaloza fomula. Timve funso ili. Boti la injini linali litaima padoko. Lanyamuka, ndipo patatha masekondi 10 likuthamanga makilomita 18 pa ola. Peza akiselereshoni yake, ndiko kuti mmene liwiro likuwonjezekera pa sekondi iliyonse.

Ukawerenga mothamanga uona manambala awiri okha, 10 ndi 18, n'kuganiza kuti funso n'loperewera. Koma nambala yachitatu yabisala m'mawu. Akati boti linali litaima, liwiro loyambira, limene timalemba u, ndi 0. Mafunso a kayendedwe ka zinthu amakonda kubisa manambala chotere. Akati galimoto yagwira mabuleki mpaka kuima, liwiro lomalizira, v, ndi 0. Akati mwala wangosiyidwa kuti ugwe, u ndi 0 ndipo a ndi g. Dula mzere kunsi kwa mawu otere.

Tsopano uli ndi u, v ndi t, ndipo ukufuna a. Pa mafomula amene unalowezawo, ndi iti imene ili ndi zilembo zinayi zimenezi popanda china? Ndi v = u + at. Zina zija zili ndi s, mtunda, umene sanakupatse komanso sanakufunse. Waona kuti sunalote. Deta yasankha yokha.

Usanalowetse manambala, yang'ana mayuniti. Nthawi ili m'masekondi, koma liwiro lili m'makilomita pa ola. Ziwirizi sizingalowe mu fomula imodzi. Makilomita 18 ndi mamita 18 000, ndipo ola limodzi ndi masekondi 3600. Ukagawa upeza mamita 5 pa sekondi. Kusinthaku uchitire pa mzere wa deta pomwepo, ndipo uonetse mmene wachitira.

```
u = 0,  v = 18 km/h = 5 m/s,  t = 10 s,  a = ?
v = u + at,  a = (v − u)/t
a = (5 − 0)/10
a = 0.5 m/s²
```

Amene sanasinthe mayuniti apeza 1.8. Fomula yake ndi yolondola, kugawa kwake n'kolondola, koma yankho lawonongeka pa mzere woyamba. Ndipo mafunso amenewa amakhala ndi gawo lachiwiri, monga kupeza mtunda umene botilo layenda. Wopeza 0.5 alowetsa mu s = ut + ½at² n'kupeza mamita 25. Wopeza 1.8 apeza mamita 90.

WOWULUTSA: Kalata yachitatu yachokera ku Makanjira. Ndi bambo amene anabwerera kusukulu atakula, amaphunzira masana. Akuti mizere yonse amailemba, koma yankho limasiyanabe ndi la anzawo. Akufunsa ngati pali njira yodziwira okha kuti alakwitsa, popeza m'chipinda cha mayeso mulibe wowauza.

APHUNZITSI: Bambo, njira zilipo ziwiri, ndipo sizitenga mphindi. Titembenuze funso la ku Chembe lija. Tinene kuti akupatsani pulesha ya mapasikali 120 000, n'kukufunsani kuya. Poyamba tembenuzani fomula ikadali m'zilembo: h = P/(ρg). Musalowetse manambala musanatembenuze, chifukwa maziro akachuluka diso limasokonezeka.

Cholakwika chimene ndimachiona kwambiri chili pa kakyuleta. Munthu amadina 120 000, kugawa ndi 1000, kuchulukitsa ndi 10. Kakyuleta imayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndiye imagawa n'kupeza 120, kenako n'kuchulukitsa, n'kukupatsani 1200. Chimene fomula ikufuna n'chakuti 1000 ndi 10 onse akhale pansi. Werengetsani zapansizo poyamba, mulembe 10 000, kenako mugawe. Mupeza mamita 12.

Njira yoyamba yodzigwirira ndi kufunsa ngati yankho lingachitike m'moyo. Nyanja ya Malawi pamalo pake pakuya kwambiri, cha kumpoto, ndi mamita pafupifupi 700, ndipo kuno kum'mwera si yakuya chotero. Munthu womira mamita 1200 ndiye kuti wadutsa pansi pa nyanja. Mukaona yankho lotero, bwererani pa mzere wachitatu.

Njira yachiwiri ndi kuwerengetsa mayuniti ngati manambala. Mu P = ρgh muli kg/m³ kuchulukitsa N/kg kuchulukitsa m. Makilogalamu afafanizana, mita imodzi yapamwamba yachotsa imodzi yapansi, kwatsala N/m², imene ndi pasikali. Mukatembenuza fomula molakwika, mayuniti satuluka bwino. Mukamafuna kuya koma yuniti yotsala si mita, cholakwika chili pa mzere wachiwiri. Apa ndi pamene muona phindu la kulemba mizere yonse: mumadziwa poti mubwerere, osayambanso funso lonse.

WOWULUTSA: Yomaliza ndi ya gulu la ophunzira ku Malindi. Akuti ali ndi mapepala akale ochepa amene amabwerekana, ndipo mayankho ena anawaloweza kale. Kodi mapepalawo angawathandizebe? Akufunsanso ngati njira imeneyi imagwira pa funso lililonse.

APHUNZITSI: Angakuthandizeni, ana anga, mukaleka kuloweza mayankho. Funso limene munalikhoza kale, mmodzi wa inu alisinthe. Pamene panali mamita 12 aike masentimita 250, kuti aone amene akumbukire kulemba mamita 2.5. Pamene anafunsa pulesha afunse kuya. Aliyense alembe payekha, kenako musinthane makope ndipo muchongerane mzere ndi mzere. Kumbuyo kwa kope muzilemba mzere umene mwagwera: deta, fomula, kulowetsa, kapena yuniti. Pakatha masabata awiri muona kuti aliyense ali ndi mzere wake umene umamugwetsa. Wogwera pa deta ayeserere kusintha mayuniti: magalamu kupita ku makilogalamu, mphindi kupita ku masekondi. Wogwera pa fomula ayeserere kutembenuza zilembo popanda nambala iliyonse.

Malire a njirayi alipo. Fomula iliyonse ili ndi pogwira pake. Ija ya v = u + at imagwira pokhapokha liwiro likamasintha mofanana nthawi yonse; boti limene likuthamanga n'kumachepetsa chifukwa cha mafunde a mwera silingalowe mmenemo. Funso likabwera ndi girafu, deta yanu ili pa girafupo, ndipo muyambe mwawerenga mayuniti olembedwa m'mbali mwake. Pa g, gwiritsani ntchito nambala imene pepala lakupatsani. Likati 10, musaikepo 9.8 chifukwa choti munaiona m'buku lina. Ndipo funso lofuna kuti mufotokoze chifukwa chimene khoma la damu limakhala lochindikala kunsi silifuna mizere inayi. Likufuna chiganizo chomveka chakuti pulesha ya madzi imakula ndi kuya.

WOWULUTSA: Nthawi yatithera, aphunzitsi. Muwasiyire chiyani omvera?

APHUNZITSI: Ndiwasiyira ntchito. Asodzi a usipa ali ndi nyali ya mawati 24 yolumikizidwa ku batire la mavoti 12, ndipo yayaka maola 5. Pezani karenti imene ikudutsa m'nyaliyo, komanso mphamvu yonse imene yagwiritsidwa ntchito, m'majuli. Samalani ndi maolawo. Mukamatumiza kalata, musatumize yankho lokha. Ndikufuna ndione deta, fomula, kulowetsa manambala ndi yuniti pa gawo lililonse. Makalata oterowo ndi amene tidzawerenge sabata yamawa.