Masekondi 90 pamaso pa mwini ndalama

Mukapita kumpikisano wa anthu oyamba bizinesi, kapena mwini ndalama akakulolani kulankhula asanalowe mumsonkhano wina, nthawi yomwe mumapatsidwa ndi yochepa kwambiri. Masekondi 90 amakwana ziganizo 10 kapena 12 zokha ngati mukulankhula mosathamanga. Choncho chiganizo chilichonse chiyenera kuyankha funso limene munthuyo ali nalo kale mumtima: akugula ndani, mwagulitsa zingati, mukufuna ndalama zingati, ndipo ine ndipezapo chiyani?

Tiyerekeze kuti banja lina la ku Mchinji limapera chiponde cha mtedza pakhomo ndipo likufuna makina aakulu. Manambalawa ndi achitsanzo chabe. Mayi wa pakhomopo angalankhule chonchi:

"Zikomo bwana. Timapanga chiponde ku Mchinji ndi kugulitsa m'magolosale 14 a pa boma ndi pa Kamwendo. Eni magolosalewa ankadikira chiponde chochokera ku Lilongwe, chomwe chimafika mochedwa ndiponso chodula. Ife timagula mtedza kwa alimi oyandikana nafe, timausankha ndi manja kuchotsa wachuku, ndipo timapereka katundu Lachisanu lililonse. Kwa miyezi 8 tsopano takhala tikugulitsa mabotolo 400 pamwezi. Botolo limodzi limatidyera K2,600 ndipo timaligulitsa K3,500. Mwezi watha tinabweza maoda a mabotolo 600 chifukwa chigayo chathu n'chaching'ono. Tikupempha K6 miliyoni yogulira makina otha kupera mabotolo 1,500 pamwezi komanso yolipirira chiphaso cha Malawi Bureau of Standards kuti tilowe m'masitolo akuluakulu. Inu mudzatenga magawo 20 pa 100 aliwonse a bizinesiyi. Tingabwere Lachiwiri ndi buku lathu la malonda kuti muone nokha?"

Onani zomwe sizinalowemo. Mulibe mbiri ya mmene banjali linavutikira chaka cha njala, mulibe mawu oti mtedza ndi chakudya chopatsa thanzi, mulibenso kuthokoza kwa ziganizo zitatu. Ulemu wathu umafuna moni, ndipo moniyo asachoke, koma "zikomo bwana" kapena "zikomo mayi" wakwana.

Chiganizo champhamvu kuposa zonse ndi cha maoda a mabotolo 600 obwezedwa aja. Chimauza mwini ndalama kuti ogula alipo kale ndipo chosowa ndi makina okha. Ambiri amaika pamalo amenewa mawu oti "aliyense m'Malawi muno amadya chiponde", poganiza kuti msika waukulu ndiwo ukopa munthu. Ine ndimaona kuti mawu otere amaononga, chifukwa amaonetsa kuti wolankhulayo sakumudziwa wogula wake weniweni. Magolosale 14 omwe mungawatchule maina amalemera kuposa dziko lonse lomwe simunaligulitsepo kanthu. Ngati simunayambe kugulitsa, nenani zomwe mwayesa: anthu angati analawa, ndipo angati analipira okha osakakamizidwa.

Manambala a mtengo ali pamenepo kuti munthuyo awerengetsere yekha. Pa botolo pamatsala K900. Mabotolo 1,500 akagulidwa onse, ndiye K1,350,000 pamwezi, ndipo gawo lake ndi K270,000. Ndalama yake ingabwerere pafupifupi m'miyezi 22. Samalani apa: mu K2,600 muja muyenera kukhala botolo, chizindikiro chomata, magetsi, thiransipoti ndi malipiro a amene akupera, ngakhale akhale mwana wanu. Mukasiya chimodzi, funso loyamba lomwe adzakufunseni lidzagwetsa zonse.

Pokonzekera, lembani zonse zomwe mukufuna kunena, kenaka tsekani chiganizo chimodzi ndi chala n'kuwerenga zotsalazo. Ngati palibe chomwe chasowa, chifufuteni. Mukatero muwerenge mokweza wina wa pakhomo atagwira foni yowerengera nthawi. Mukapitirira masekondi 90, musawonjezere liwiro. Chotsani chiganizo china. Ndi bwino kuthera pa masekondi 80, chifukwa pa tsikulo mantha amadya nthawi, ndipo nambala iliyonse imafuna kampata pang'ono kuti ilowe m'khutu.

Kenaka muyese pa munthu amene sadziwa bizinesiyo, monga mlamu kapena mnzanu wa ku banki m'khonde. Mulankhule kamodzi kokha, ndipo mumufunse kuti mukugulitsa chiyani, kwa ndani, ndipo mukufuna ndalama zingati. Chomwe walephera kuyankha ndicho chofunika kulembanso.

Pempho lisabisike. Anthu ambiri amachita manyazi kutchula ndalama ndipo amangoti "chilichonse chomwe mungathandize nacho", mawu omwe amasandutsa bizinesi kukhala kupempha chithandizo. Tchulani ndalamayo, ntchito yake ndi gawo lomwe mukupereka. Gawolo mugwirizane kaye pabanja musanachoke pakhomo, chifukwa amene watenga magawo 20 adzakhala ndi ufulu woona mabuku anu ndi kufunsa za ndalama iliyonse yotuluka m'bizinesi, ngakhale yomwe munkatapa kugulira ndiwo.