Kope la geni: ndime 282 ya Sura Al-Bakara pa benchi la mandasi



Ambiri a ife tinaphunzira ku madarasa kuti ndime yaitali kuposa zonse mu Kurani yolemekezeka ndi ya 282 mu Sura Al-Bakara, ndipo nkhani yake ndi ngongole. Allah akutiuza kuti tikakongozana mpaka nthawi yodziwika tilembe, ndipo tisachite ulesi kulemba kaya ngongoleyo ndi yaing'ono kaya yaikulu. Ndime yomweyo ikupereka chilolezo chosalemba pa malonda a pompopompo, katundu uku ndalama uku. Maulama ambiri amati kulembako n'kolimbikitsidwa, si kokakamiza. Komabe ine ndimaona kuti achinyamata ambiri amene tikuchita tima geni timaiganizira ndimeyi pa ngongole ya mamiliyoni basi, pomwe imene imadya mpamba wathu ndi ya K600, ya munthu amene wati "ndikupatsa mawa".

Kope limodzi la sukulu ndi bolopeni n'zokwanira. Pensulo ayi, imafufutika ndipo imabweretsa mikangano. Kopelo ligaweni pawiri. Kuyambira kutsogolo, tsiku lililonse likhale ndi tsamba lake: deti pamwamba, ndalama zolowa kumanzere, zotuluka kumanja. Kuyambira kumbuyo ndi kwa okongola, ndipo munthu aliyense akhale ndi tsamba lakelake. Izi zimathandiza kuti mukamamuonetsa kasitomala ngongole yake asaone ya mnzake, paja kubisa manyazi a m'bale wako ndi khalidwe la Chisilamu.

Tiyeni titenge chitsanzo cha mlongo wogulitsa mandasi pa K200 limodzi. Mitengoyi ndangoikapo kuti tiwerengere, inu muikepo yanu.

M'mawa, asanagulitse kanthu, wawerenga tchenje cha m'chitini n'kulemba K3,000. Wakazinga mandasi 120, walembanso. Pofika madzulo 95 agulidwa ndi ndalama pamanja, K19,000. Ena 15 apita pangongole, K3,000. Ana pakhomo amwera tiyi 6, ndipo 4 atsala m'beseni. Tikaphatikiza 95, 15, 6 ndi 4 tikupeza 120, ndiye kuti katundu yense wadziwika kumene wapita. Tsiku lomwelo kasitomala wina wabweza K2,400 ya sabata yatha. Kumbali ya zotuluka, mlongoyu wagula ufa wa tirigu wa K8,000, mafuta ophikira a K4,500 ndi makala a K1,500 zokazingira mawa (shuga ndi isiti zinalipo kale), zonse pamodzi K14,000. Watengamonso K2,000 ya ndiwo.

K2,000 ya ndiwoyo ndi mandasi 6 aja ndi zimene ambiri salemba, amati ndalama ndi zanga zomwe. N'zoona ndi zanu, palibe tchimo. Koma mukapanda kulemba, madzulo mudzaona ndalama zapelewera, mtima n'kuyamba kukaikira mng'ono wanu amene munamusiyira benchi popita kukaswali Dhuhuri. Zilembeni pa mzere wakewake, "za pakhomo", zisasakanikirane ndi zogulira geni.

Tsopano kutseka tsiku. Tchenje cha m'mawa K3,000, kuonjezera K19,000 ya malonda a pamanja ndi K2,400 yobwezedwa, ikukwana K24,400. Kuchotsapo K14,000 ndi K2,000, m'chitini muyenera kukhala K8,400. Werengani za pakope kaye musanatsegule chitini, chifukwa mukayamba ndi kuwerenga ndalama, mutu umafuna kukankhira manambala kuti agwirizane nazo. Ngati ena analipira pafoni, ikani chizindikiro pambali pa ndalamazo, musamazisake m'chitini.

Apa pali malo amene ambiri amasokonezeka. Mlongoyu wagulitsa zingati lero? Ndalama zimene zalowa ndi K21,400, koma malonda a lero ndi mandasi 110, omwe ndi K22,000. K2,400 ija si malonda a lero, anagulitsa kale sabata yatha ndipo analemba. Akailembanso ngati malonda, ndiye kuti mandasi omwewo wawawerenga kawiri, ndipo pakutha pa mwezi kope lidzaonetsa phindu limene kulibe. Choncho ndalama yobwezedwa ilembedwe malo awiri: kutsogolo ngati "kubweza ngongole", ndi kumbuyo pa tsamba la mwini wake, kuchotsera pa zimene anali nazo.

Nanga chitini chikakana kugwirizana ndi kope? Tinene kuti mwapeza K7,400. Yasowa K1,000, ndipo mukaigawa ndi K200 ndi mandasi 5 ndendende. Kusowa kotere kawirikawiri kumasonyeza kuti wina anatenga pangongole inu muli otanganidwa, ndipo munawawerengera ku malonda a pamanja. Mukadali lero nkhope yake mukhoza kuikumbukira, Lachisanu simudzaikumbukanso.

Koma chimene chimandiopsa ine kwambiri ndi kupeza ndalama zapyola. Mwapeza K9,400 m'malo mwa K8,400, mwanena Alhamdulillahi n'kugona. Dikirani kaye. Mwina munaperewera kupereka tchenje kwa munthu, kapena wina anabweza K1,000 ndipo simunafafanize pa tsamba lake. Mawa mudzamulonjerera ndalama imene analipira kale, iye adzalumbira, inu mudzaloza kope. Mukapambana mkanganowo mwadya chuma cha munthu mopanda chilungamo, ndipo kope lanu lomwe ndi limene lachitira umboni wabodza. Ndalama yopyola ilembeni payokha ndi funso pambali pake mpaka mwini wake adziwike.

Pa tsamba la wokongola pakhale dzina lenileni, osati "amayi a chitenje chofiira", kenako deti, chimene watenga, mtengo wake ndi tsiku limene walonjeza kubweza. Tsikulo ndi lofunika, ndime ija ikukamba za nthawi yodziwika, ndipo "ndikapeza" si nthawi. Ikunenanso kuti wokongolayo ndiye azinena zoti zilembedwe. Pa benchi tingachite chonchi: lembani iye akuona, muwerengereni mokweza, "mandasi 5, K1,000, kubweza Loweruka, pamodzi ndi yakale yakwana K1,800", iye avomere. Ikakhala yokulirapo asainire, ndipo pakhale mboni. Ena amachita manyazi kulemba pamaso pa akuluakulu a ku mzikiti kapena achibale. Ine ndimaona kuti mukamalembera aliyense mofanana palibe amene amakhumudwa. Chimene chimapweteka ndi kulembera uyu n'kumusiya uyo.

Pansi pa tsamba la tsiku lembani chiwerengero chimodzi chomaliza: ngongole zonse zimene zili kunja. Dzulo zinali K11,600, lero zaonjezekera K3,000, zabwezedwa K2,400, ndiye zafika K12,200. Yerekezani ndi K14,000 imene mlongoyu amafuna kuti akazinge tsiku limodzi. Pafupifupi mpamba wa tsiku lathunthu uli m'matumba mwa anthu, pomwe m'chitini muli K8,400 yokha. Chiwerengerochi chikamakwera sabata ndi sabata, ikani malire, mwachitsanzo munthu asapyole K2,000 asanabwezeko.

Tsiku lolonjezedwa likadutsa, musaonjezere kanthu pa ngongoleyo chifukwa chochedwa, imeneyo ndi riba. Ndime ya 280 ya sura yomweyo ikutiphunzitsa kumudikira amene ali pamavuto, ndi kuti kumukhululukira ngati sadaka n'kwabwino koposa. Kope limakuthandizani kusiyanitsa amene wavutikadi, yemwe tsamba lake likuonetsa kuti ankabweza bwino kale lonse, ndi amene amangozengereza mwezi ndi mwezi. Mukasankha kukhululuka, lembani "ndakhululuka" ndi deti, chotsani ndalamayo pa chiwerengero cha ngongole zakunja, ndipo mumuuze mwini wake, kuti amene angadzagwire kopelo inu kulibe asakamulonjererenso.