Dziwani ufulu wanu: nambala ya kampani yeniyeni muipeza kuti?

Kodi wogula ali ndi ufulu wodziwa yemwe akuchita naye malonda? Inde, ndipo malamulo oteteza ogula amaletsa kunamiza anthu.

Nanga nambala yoona aitenge kuti? Aitenge pa risiti kapena pa chikalata cha mgwirizano, osati pa uthenga wobwera wokha pafoni. Munthu akaimba kuti ndi wa banki, n'kupempha nambala yachinsinsi, ameneyo ndi wakuba, chifukwa banki siipempha nambala imeneyo. Wogula adule foni, aimbe yekha nambala yolembedwa kuseri kwa khadi lake. Za adiresi, ofesi ya boma yolembetsa makampani imasunga ya kampani iliyonse yolembetsedwa.

Akaberedwa apite kuti? Athamangire kupolisi ndi kubanki tsiku lomwelo, atatenga chiphaso cha unzika, nambala imene inamuimbira ndi uthenga wotsimikiza kuti ndalama zinapita. Asafufute kalikonse pafonipo.