Weruzani malonda anu ndi ogula, osati ndi ofunsa

Mabanja ena ku Kasungu amene amagulitsa sola, malata kapena feteleza tsopano amalipira Facebook kuti ionetse katundu wawo, munthu akadina n'kufikira pa WhatsApp. Foni imakuuzani msanga ndalama imene mwawononga pa munthu aliyense amene walemba uthenga, pamene palembedwa `Cost per result`. Nambala imeneyi ndi yoona, koma imangowerenga ofunsa. Facebook siona ndalama yolowa pa Airtel Money kapena Mpamba, ngakhalenso yolandira pamanja m'shopu. Kuwerengera kumeneko ndi kwanu.

Tiyerekeze kuti banja lina pa boma likugulitsa sola ya mababu atatu, ndipo pa iliyonse limapindula K25,000. Laika zotsatsa ziwiri, chilichonse K60,000. Choyamba chikungoti sola yotsika mtengo ilipo, tumizani uthenga. Chachiwiri chatchula mtengo, malo a shopu, ndiponso kuti ngongole palibe. Choyamba chabweretsa anthu 120, kutanthauza K500 pa munthu. Chachiwiri chabweretsa 30 okha, K2,000 pa munthu. Poona zimenezi, ambiri amazimitsa chachiwiri n'kuthira ndalama zonse ku choyamba.

Tsopano dikirani masabata asanu ndi limodzi. Mwa anthu 120 aja agula atatu, ena onse anangofunsa kuti "zingati?" n'kuzimiririka. Mwa 30 aja agula asanu ndi mmodzi. Mukagawa K60,000 ndi chiwerengero cha ogula, wogula mmodzi wa choyamba wakudyerani K20,000, pamene wa chachiwiri K10,000. Onjezani mayunitsi oimbira, tinene K150 pa munthu. Choyamba chalowetsa phindu la K75,000, chadya K60,000 ndi K18,000 ya mafoni, ndiye mwaluza K3,000. Chachiwiri chalowetsa K150,000, ndipo mukachotsa K60,000 ndi K4,500 mwatsala ndi K85,500. Mtengo wolembedwa uja unathamangitsa ongocheza, n'kusiya okhala ndi ndalama m'thumba.

Kuti muthe kuwerengera chonchi, choyamba dziwani kumene munthu aliyense wachokera. Chotsatsa chilichonse chikhale ndi uthenga wakewake woyambira, china "Ndikufuna sola A", china "Ndikufuna sola B". Wobwera yekha pashopu mufunseni kumene anamva za inu, ndipo aliyense wogulitsa m'banjamo azifunsa funso lomwelo.

Chachiwiri, gulani kope la sukulu, mulembe mizere isanu: tsiku lofunsa, nambala ya foni, chotsatsa chimene chamubweretsa, tsiku logula, ndi ndalama imene walipira. Ngati muli ndi WhatsApp Business, zizindikiro za `New customer` ndi `Paid` zimathandiza, koma kope silitha moto. Lembani ndalama yolowa yokha. Wotenga pangongole sanagule mpaka atamaliza kulipira, ndipo wobweza katundu mumufufute.

Chachitatu, lemekezani kalendala ya fodya. Mlimi wa ku Santhe kapena Chamama akhoza kufunsa mtengo mu Malichi, fodya akadali m'chigafa, koma ndalama adzaigwira mabelo ake akagulitsidwa ku Chinkhoma, msika ukatsegulidwa cha mu Epulo, mwinanso mpaka Juni. Mukaweruza chotsatsacho patatha sabata imodzi, mudzachipha chisanabale. Ndipo mlimiyo akadzagula mu Meyi, malondawo muwalembe pa chotsatsa cha mu Malichi chimene chinamubweretsa, osati chimene chikuyenda tsikulo. Pa chifukwa chomwecho, musayerekeze chotsatsa cha mu Febuluwale, mwezi wa njala, ndi cha mu Juni. Zotsatsa zimene mukuyerekeza ziyende nthawi imodzi, kwa anthu a dera limodzi.

Pali zinthu ziwiri zimene zingakunamizeni ngakhale kope lili bwino. China ndi kuyankha mosiyana. Ngati anthu 30 aja munawayankha tsiku lomwelo koma 120 aja anadikira masiku atatu chifukwa chochuluka, mbali ina ya vutoli ndi yanu. Komabe kuchuluka kwa mauthenga amene banja silingathe kuyankha ndi mtengo wa chotsatsacho. China ndi manambala ochepa. Ogula awiri kuyerekeza ndi atatu sakuuzani kanthu, chifukwa munthu mmodzi akhoza kutembenuza zonse. Zikayandikana chonchi, pitirizani zonse ziwiri ndi ndalama zochepa kufikira kusiyana kutaoneka bwino.

Musanalipirenso, dziikireni malire. Ngati phindu pa sola ndi K25,000, gwirizanani m'banja kuti wogula mmodzi asakudyereni koposa theka lake, K12,500. Chotsatsa chopitirira pamenepo nyengo yogula itadutsa chizimitseni, ngakhale foni ikulira usana ndi usiku. Chimene chili pansi pa malirewo chionjezereni ndalama pang'onopang'ono, uku mukulembabe m'kope.