Bukhu la ndalama ndi sitetimenti ya ku banki zikasiyana

Makomiti ndi magulu ambiri ali ndi akaunti ku banki. Mkangano umabuka pa msonkhano pamene msungichuma wawerenga ndalama zotsala m'bukhu lake, koma sitetimenti yochokera ku banki ikuonetsa zina. Ena amayamba kunena kuti ndalama zadyedwa. Dziwani kuti kusiyana kumeneku kumachitika ngakhale pamene palibe waba tambala imodzi. Chofunika ndi chakuti kwacha iliyonse imene yasiyana ipezeke chifukwa chake. Ntchito yofufuza zifukwazi ndiyo kuyanjanitsa bukhu ndi sitetimenti.

Chifukwa chake zimasiyana

Akaunti ndi imodzi koma olemba ndi awiri. Msungichuma amalemba tsiku limene walandira kapena kulipira ndalama. Banki imalemba tsiku limene ndalamazo zalowadi kapena kutuluka mu akaunti. Choncho zosiyanazo zili m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi zinthu zimene banki ikudziwa koma msungichuma sanazimve. Izi ndi monga ndalama zimene banki imadula posunga akaunti, chiwongoladzanja chimene yawonjezera, ndi ndalama zimene munthu watumiza ku akaunti pa foni kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba osauza gulu.

Gulu lachiwiri ndi zinthu zimene zili m'bukhu koma sizinafike ku banki. M'zaka za m'ma 2000 macheke ndiwo ankachedwa kwambiri, poti wolandira cheke ankatha kukhala nacho masabata asanapite nacho ku banki. Kuchedwa kumachitikabe pamene ndalama za pa msika zagona kunyumba, kapena kalata youza banki kuti ilipire munthu ikudikira wopita nayo kutauni.

Gulu lachitatu ndi zolakwika polemba. Kawirikawiri zimakhala za m'bukhu, koma nayo banki imalakwitsa nthawi zina.

Chitsanzo cha ku Nsaru

Tiyerekeze gulu la amayi a ku Nsaru m'boma la Lilongwe, amene amaoda usipa wouma kwa asodzi a ku Salima n'kumagulitsa m'misika ya Nsaru, Kabudula ndi Nambuma. Akaunti yawo ili mumzinda wa Lilongwe. Pa 30 Juni bukhu likuonetsa kuti ku banki kwatsala K846,000, pamene sitetimenti ikuonetsa K1,018,700. Zasiyana ndi K172,700.

Mlembi ndi membala wina atenga bukhu, sitetimenti, malisiti ndi timapepala toikira ndalama. Pa sitetimenti, ndalama zolowa zili pansi pa mawu akuti Credit, zotuluka pansi pa Debit, ndipo zotsala pansi pa Balance. Mmodzi akuwerenga mzere wa pa sitetimenti, mnzake akuufufuza m'bukhu. Ukapezeka mbali zonse, akuchonga uku ndi uku. Mizere yotsala yosachongedwa ndiyo ikhale ntchito yawo.

Ayamba ndi kukonza bukhu. Pa sitetimenti papezeka mizere itatu imene m'bukhu mulibe. Wogula wina wa ku Nambuma anabweza ngongole ya K75,000 pa foni, banki inawonjezera chiwongoladzanja cha K1,200, ndipo inadula K6,500. Zinthu zitatuzi ndi zoona, choncho ziyenera kulembedwa m'bukhu. Pa K846,000 tikawonjezera K75,000 ndi K1,200 tipeza K922,200. Tikachotsa K6,500 patsala K915,700.

Kenaka atembenukira ku sitetimenti. M'bukhu muli mizere iwiri imene banki inali isanaione. Woyamba ndi K120,000 ya malonda a ku Kabudula, imene msungichuma analemba pa 30 Juni koma anakaika pa 1 Julayi. Wachiwiri ndi K250,000 yolipira asodzi a ku Salima. Kalata youza banki kuti ilipire inasainidwa ndi kulembedwa m'bukhu pa 30 Juni, koma inafika ku banki pa 2 Julayi. Ziwirizi musazilembenso m'bukhu chifukwa zilimo kale. Ziwerengereni pa pepala lapadera. Pa K1,018,700 tikawonjezera K120,000 tipeza K1,138,700. Tikachotsa K250,000 patsala K888,700.

Tsopano bukhu likuti K915,700 pamene banki ikuti K888,700. Patsala K27,000 yosadziwika. Apa pali njira yothandiza. Gawani ndalama yosiyanayo ndi 9. Ikagawika popanda chotsala, kayikirani kuti wina anatembenuza manambala polemba. K27,000 kugawa ndi 9 ndi K3,000 ndendende. Poonanso mizere imene anachonga mofulumira, apeza kuti gulu linatapa K63,000 yolipirira galimoto yonyamula matumba, koma m'bukhu munalembedwa K36,000. Lisiti la mwini galimoto likuonetsa K63,000. Akachotsa K27,000 m'bukhu patsala K888,700, ndipo mbali ziwirizo zafanana.

Pokonza cholakwika musafufute kapena kung'amba tsamba. Lembani mzere watsopano wofotokoza zimene mwakonza, ndipo wapampando asainepo.

Ndalama zenizeni za gulu ndi ziti?

Ndalama zimene gululi lingapangire mapulani ndi K888,700. Amayiwa akadakhulupirira sitetimenti n'kuoda katundu wina ndi K1,018,700 yonse, akadawononga ndalama za asodzi amene anapereka kale usipa wawo. Inunso amene muli ku nyanja kumbukirani izi pogulitsa nsomba pa ngongole. Wogula akati walipira, nsomba zanu zalipiridwa pokhapokha ndalama zitaoneka mu akaunti yanu.

Mmene mungadziwire kuti pali vuto

Chinthu chimene changochedwa chimaonekera pa sitetimenti yotsatira. Mwezi wa Julayi ukatha, yambani ndi pepala la Juni. Kodi K120,000 ija inalowa? Kodi K250,000 ija inatuluka? Ngati ndalama zolembedwa kuti zili m'njira sizikuoneka mwezi wachiwiri, funsani kapepala ka ku banki kokhala ndi chidindo, kapena uthenga wa pa foni wotsimikiza. Chenjeraninso ngati mwezi uliwonse pali ndalama za m'njira ndipo zikunka zikula. Nthawi zina zimatanthauza kuti wina akubwereka mwamseri n'kumatseka dzenje ndi ndalama za mwezi wotsatira.

Mukapeza ndalama zotuluka zimene gulu silinavomereze, kapena banki yadula kawiri chinthu chimodzi, musasinthe bukhu. Lemberani banki kalata msanga ndipo sungani kope lake. Mukapeza ndalama zolowa zosadziwika mwini wake, musazigwiritse ntchito, chifukwa mwina wotumiza analakwitsa nambala ndipo zidzabwezedwa.

Ntchitoyi ili ndi malire. Imaona ndalama zokhazo zimene zalembedwa m'bukhu kapena zadutsa ku banki. Ngati wina watolera ndalama pa doko kapena pa msika osalemba lisiti, bukhu ndi sitetimenti zidzafanana ngakhale ndalamazo zasowa. Ichi n'chifukwa chake malisiti ayenera kukhala a manambala otsatizana, ndipo ndalama za m'bokosi ziziwerengedwa pamaso pa anthu awiri.

Chitani ntchitoyi mwezi ndi mwezi. Oyanjanitsa asakhale msungichuma yekha, ndipo sitetimenti akaitenge ku banki ndi wina mwa osainira akaunti amene sasunga bukhu. Pepala loyanjanitsa liwerengedwe pa msonkhano, lisainidwe, ndipo lisungidwe pamodzi ndi sitetimenti ya mweziwo.

Mafunso okambirana pa komiti

1. Kodi sitetimenti yathu yomaliza ndi ya mwezi uti, ndipo anaiona ndani?
2. M'chitsanzo chija, n'chifukwa chiyani K75,000 inalembedwa m'bukhu koma K120,000 sinalembedwenso?
3. Kodi anthu otumiza ndalama ku akaunti yathu pa foni amadziwitsa ndani?