Wogula padi yochapa sabweranso mwezi wamawa

Ophunzira asanu a pasukulu ina yasekondale anagwirizana zoyamba bizinesi yosoka ndi kugulitsa mapadi ochapa. Kuti apeze mpamba, analemba chidule cha pulani yawo pa tsamba limodzi. Vuto analifotokoza bwino: atsikana ena amajomba kusukulu akakhala kumwezi chifukwa chosowa zovala zodalirika. Padi yawo anailongosolanso mwaluso: nsalu yofewa pamwamba, thaulo lomwa magazi pakati, nsalu yosalowa madzi pansi, ndi mapiko okhala ndi mabatani omangira pa panti.

Anagwa pa masamu. Pasukulupo panali atsikana 400, ndiye analemba kuti azigulitsa mapaketi 400 mwezi uliwonse, kutanthauza 4,800 pachaka. Anawerengera ngati akugulitsa mapadi otaya, amene munthu amagula mwezi ndi mwezi. Chonsecho m'ndime yapamwamba anali atadzitama okha kuti paketi imodzi imatha chaka chathunthu. Ziganizo ziwirizi sizingakhale zoona pamodzi. Ngati paketi imatha chaka, msika wonse wa pasukulupo ndi mapaketi 400 pachaka, ndipo izi zingatheke pokhapokha mtsikana aliyense atagula.

Wowabwereka ndalama sanaone cholakwikacho. Ophunzirawo anagula makina osokera awiri ndi nsalu yochuluka. Teremu yoyamba malonda anayenda, yachiwiri anaima, chifukwa amene ankafuna anali atagula kale. Kenaka bungwe lina linafika m'deralo kudzagawa mapadi aulere, otsala aja nawonso n'kusiya kufunsa mtengo. Katundu anadzaza m'katoni, tsiku lobweza ngongole likuyandikira.

Chidule chabwino chikanayankha mafunso atatu. Loyamba: atsikana a pasukulu pano akagula, wotsatira ndani? Apa n'pofunika kutchula sukulu zoyandikana, ophunzira atsopano a Fomu 1 chaka chilichonse, amayi a kumsika, ndi mabungwe amene angagule zambiri nthawi imodzi. Lachiwiri: paketi imodzi ikudya ndalama zingati? Muwerengere ulusi, mabatani, tizidutswa ta nsalu totayika podula, mapadi osokedwa molakwika ndi nthawi ya wosoka, ngakhale wosokayo ndi inu nomwe. Lachitatu: mtsikana atulutsa bwanji ndalama yonse nthawi imodzi? Paketi yochapa imapulumutsa ndalama pakutha pa chaka, koma pa tsiku logula imadula kuposa yotaya. Kumbukiraninso kuti mu 2022 boma la Malawi linachotsa msonkho wa 16.5 peresenti pa mapadi, choncho mtengo wa otayawo kaufunseni m'golosale, osaulota.

Inu amene mukulemba chidule chotere, musanachipereke ikani ndime yonena za kulimba kwa padi pambali pa ndime ya malonda. Zikatsutsana, konzani masamu musanagule nsalu ngakhale mita imodzi.