Phunziro: kulipira mainvoisi pamodzi ndi kusankha oyamba kulipidwa

Ophunzira, phunziro la lero likuyambira pamene invoisi yavomerezedwa kale. Ndiye kuti wina wayerekeza mapepala atatu, oda imene tinalemba, chikalata chosonyeza kuti katundu anafika ndi invoisi ya wogulitsa, wapeza kuti akugwirizana, ndipo bwana wasaina. Chatsala n'kulipira. Ofesi yoyenda bwino silipira aliyense amene wafika pakhomo. Imaika tsiku, mwina Lachinayi lililonse kapena kawiri pamwezi, n'kutumiza malipiro onse ku banki ngati gulu limodzi. Vuto limabwera pamene mainvoisi ovomerezedwa aposa ndalama zimene zilipo, ndipo kuno ku Monkey Bay zimenezi zimachitika chaka chilichonse m'miyezi ya mvula, alendo opita ku Cape Maclear akachepa koma ngongole za Khirisimasi zili pa tebulo.

Tiyerekeze kuti ndinu kalaliki wa zachuma pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja. Lero ndi Lachinayi pa 10, ndipo tsiku lotsatira lolipira ndi pa 24.

Choyamba si kutsegula fayilo ya mainvoisi ayi. Yambani mwapeza ndalama zimene mungathedi kulipira nazo, chifukwa nambala imene banki ikuonetsa si yanu yonse. Lero m'akaunti muli K9,400,000. Pamenepa chotsani K600,000 ya cheke chimene munapereka sabata yatha koma mwini wake sanachisinthe. Chotsaninso K850,000 ya PAYE ndi K210,000 ya msonkho umene munadula kwa ogulitsa mwezi watha. Misonkho iwiriyi iyenera kufika ku MRA pasanapitirire pa 14 mwezi wotsatira, ndipo ikachedwa pamabwera chindapusa. Ya penshoni, imene ndi 10 peresenti ya olemba ntchito ndi 5 peresenti ya wantchito, tiike pa K540,000, ndipo nayonso nthawi yake ndi yomweyi. Ndalama zimenezi musaziike pa mpikisano ndi mainvoisi. Zambiri mwa izo munadula pa malipiro a anthu ena, mukungozisunga. Pomaliza siyani K1,200,000 ya mayunitsi a ESCOM, zogula za tsiku ndi tsiku ndi zimene banki imadula. Zonsezi pamodzi ndi K3,400,000, ndiye ndalama zolipirira mainvoisi lero ndi K6,000,000.

Tsopano tsegulani fayilo. Muli mainvoisi asanu ndi awiri, onse osainidwa, okwana K10,900,000. Bilu ya madzi ya Southern Region Water Board ndi K420,000, tsiku lomaliza pa 15. Wobweretsa dizilo wa jenereta ndi gasi wophikira akufuna K1,900,000 pofika pa 12. Mayi amene amabweretsa chambo ndi usipa kuchokera ku Chembe ali ndi K780,000, munagwirizana masiku 7 ndipo apita 9. Galaja imene inakonza injini ya boti ili ndi K1,300,000 ndipo yachedwa ndi masiku 20. Wogulitsa zakumwa wa ku Mangochi ali ndi K2,400,000, tsiku lake pa 25. Sitolo ya ku Blantyre imene inatumiza matiresi ndi nsalu zoyala ili ndi K3,000,000, tsiku lake pa 30, koma yalonjeza kutsitsa 2 peresenti mukalipira lero. Mmisiri amene anakonza denga ali ndi K1,100,000.

Ndalama n'zochepa ndi K4,900,000. Funso loti mufunse pa invoisi iliyonse ndi ili: ikapanda kulipidwa lero, chichitike n'chiyani lisanafike tsiku lotsatira lolipira? Kukula kwa ngongole sikuyankha funso limeneli, ndipo kuchuluka kwa mafoni amene munthu waimba sikuliyankhanso.

Madzi ndi dizilo ali patsogolo chifukwa popanda izo loji itseka. Magetsi akazima m'dera lotentha ngati lino, jenereta n'kukhala yopanda mafuta, nsomba ndi nyama za mufiriji zimaonongeka pa tsiku limodzi, ndipo kutaya kumeneko kungapose invoisi yomwe. Onaninso kalendala. Pa 12 ndi Loweruka, ndipo ndalama zopita ku banki ina sizikhala zodalirika kuti zifika pa mapeto a sabata. Invoisi imene tsiku lake lili pakati pa lero ndi pa 24 ndi ya gulu la lero, ngakhale tsikulo lisanakwane.

Mayi wa nsomba ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa apa m'pamene maofesi ambiri amalakwa. Iwo sadula madzi, alibe loya, ndipo sangaike chiwongoladzanja. Chifukwa cha zimenezo, n'chapafupi kuwakankhira kumbuyo. Koma K780,000 imeneyi ndi mpamba wawo wonse. Asodzi pa doko safuna ngongole, amafuna ndalama pamanja nsomba ikangotsika m'bwato. Mukawachedwetsa masabata awiri, mwina sapita kudoko n'komwe, kapena chambo chabwino chipita ku loji ina imene imalipira msanga, inu n'kutsala ndi zotsalira. Ine ndimaphunzitsa kuti wogulitsa wamng'ono amene munagwirizana naye masiku ochepa azilipidwa pa nthawi yake, kampani yaikulu yopatsa masiku 30 isanalipidwe. Ndi chilungamo, komanso ndi njira yotetezera khitchini yanu.

Galaja yachedwa kale masiku 20. Boti ndi limene limatengera alendo ku zilumba za Thumbi ndi Domwe, ndipo amisiri odziwa injini za maboti si ambiri. Injini ikadzafanso, mudzapita kwa munthu yemweyo. Ilowe m'gulu la lero. Zinayi zimenezi zakwana K4,400,000, ndipo kwatsala K1,600,000.

Wa zakumwa tsiku lake silinafike, alowa m'gulu la pa 24. Kulipira msanga popanda phindu lililonse n'kubwereketsa ndalama zanu kwaulere. Ngati banki yake ndi yosiyana ndi yanu, tumizani gululo m'mawa kuti ndalama zikafike pa 25.

Za matiresi zimakopa. Kutsitsa 2 peresenti pa K3,000,000 ndi K60,000, chifukwa cholipira masiku 20 nthawi isanakwane. Mukawerengera pa chaka, phindu limeneli likuyandikira 37 peresenti, ndiye ndalama zikanakhalapo zokwanira bwenzi ndikunena kuti lipirani lero. Koma pakufunika K2,940,000 ndipo inu muli ndi K1,600,000. Kuti mupeze yotsalayo muyenera kudya ya PAYE kapena kusiya wa dizilo, ndipo K60,000 singabweze zimene mungataye pamenepo. Chimene mungachite n'kuimba foni ku Blantyre kufunsa ngati angatsitse pa gawo limene mungalipire lero. Akavomera, alembe. Akakana, adikire tsiku lawo.

Mmisiri wa denga invoisi yake ndi yovomerezedwa, ndalama zake zikukwana, koma lero salipidwa. Lachiwiri kunabwera uthenga pa WhatsApp, kuchokera pa nambala yachilendo, wonena kuti wasintha akaunti. Siginecha ya bwana inavomereza ntchito ndi mtengo wake, sinavomereze akaunti yatsopano. Akuba amadziwa bwino kuti ofesi imakhala pa liwiro tsiku lolipira. Imbani pa nambala yakale imene ili mufayilo, osati imene yatumiza uthengayo, ndipo mmisiriyo abweretse kalata yosainidwa. Munthu wina, osati inu amene mukukonza gulu, ndiye asinthe akauntiyo m'mabuku. Ndalama zikapita ku akaunti yolakwika n'kutapidwa, kuzibweza n'kovuta kwambiri. K1,100,000 yake muisunge pambali mpaka zitsimikizike.

Musanalembe mndandanda wopita ku banki, fufuzani mainvoisi obwerezedwa. Kuno zimachitika motere: wogulitsa amatumiza chithunzi cha invoisi pa foni, kenako pepala lenileni limabwera pa minibasi patapita masiku, ndipo zonse ziwiri zimalowetsedwa m'mabuku. Sanjani mndandanda potsata dzina la wogulitsa ndi kuchuluka kwa ndalama. Mukaona ndalama zofanana ndendende kwa munthu mmodzi, kapena manambala ngati 0457 ndi 457, imani. Musalipire pa sitetimenti kapena pa kotesheni. Onaninso ngati wogulitsa ali ndi zoti akubwezereni, monga katundu amene munabweza kapena ndalama zimene anatengeratu, kuti zichotsedwe.

Kenako pali msonkho wodula polipira. Amene ali ndi satifiketi ya MRA yomuchotsa pa msonkhowu, ndipo nthawi yake sinathe, amalandira ndalama zonse. Tiyerekeze kuti atatu mwa anayi athu ali nayo, koma mayi wa nsomba alibe. Pa mlingo wa 3 peresenti, umene wakhala ukugwiritsidwa ntchito pa katundu wogulitsidwa ku mabizinesi, mudula K23,400 ndipo iwo alandira K756,600. Milingo imasiyana potengera mtundu wa malipiro ndipo imasintha ndi bajeti ya boma, choncho khalani ndi ndandanda ya MRA ya chaka chimenecho. Mayiwo muwafotokozere zisanachitike ndipo muwapatse chikalata chosonyeza msonkho wodulidwawo, apo ayi adzaganiza kuti mwawabera. K23,400 imeneyo si yopulumuka, ipita ku MRA pofika pa 14 mwezi wamawa.

Gulu lathu tsopano lili ndi mizere inayi ndipo likukwana K4,376,600. Manambala awiriwa, 4 ndi K4,376,600, alembeni pa pepala lapamwamba, ndipo kumbuyo kwake mumangirire mavocha ndi mainvoisi. Inu mumalowetsa gululo pa banki ya pa intaneti, koma wovomereza akhale munthu wina wokhala ndi nambala yake yachinsinsi. Ntchito yake si kungodina. Ayerekeze kuchuluka kwa mizere ndi ndalama zonse zimene zikuoneka pa kompyuta ndi za papepala, kenako aone dzina ndi akaunti ya mzere uliwonse. Zikasiyana ngakhale ndi K100, gulu libwerere kwa inu. Ngati mayi wa nsomba amalandira pa Airtel Money kapena Mpamba, onani kuti dzina limene likutuluka pa nambalayo ndi lawo, komanso kuti ndalamazo sizikuposa malire a akaunti yawo.

Gulu likapita, ntchito sinathe. Mawa lake tsegulani sitetimenti ya banki, muone ngati mizere yonse inayi yatuluka ndiponso ngati palibe ndalama zimene zabwerera chifukwa cha nambala yolakwika kapena akaunti yotsekedwa. Mzere wobwerera musaulembe kuti walipidwa, invoisiyo ibwerere pa mndandanda wa zodikira. Zimene zadutsa zidindeni chidindo cha PAID, mulembepo tsiku ndi nambala ya malipiro, kuti pepala lomwelo lisadzalowenso m'gulu lina. Aliyense wolipidwa mumutumizire uthenga wotchula manambala a mainvoisi amene mwalipira ndi msonkho umene mwadula.

Atatu amene sanalipidwe muwaimbire lero lomwe, asanakuimbireni iwo, ndipo aliyense mumuuze tsiku lenileni: wa zakumwa pa 24, mmisiri kalata yake ikangofika ndi kutsimikizidwa. Za ku Blantyre zikufuna kukonzekera kuyambira tsopano. Tsiku lawo la pa 30 lili m'gulu la pa 24, pamodzi ndi K2,400,000 ya zakumwa, ndipo sabata yomweyo kuli malipiro a antchito ndi VAT ya pa 25. Ntchito yanu ya kunyumba ndi kulemba ndalama zimene lojiyi iyenera kutolera pofika pa 24 kuti gulu limenelo likwane, poganizira kuti pa K1,600,000 yatsalayi, K1,100,000 ndi ya mmisiri.